Momwe mungachepetsere deta imene bulawuza ya pa foni yanu imadya

Anthu ambiri bandulo ikawathera masiku ake asanakwane amayamba kukayikira mavidiyo, ndipo nthawi zambiri amakhala akulondola. Koma palinso anthu ena, monga ana asukulu, aphunzitsi ndi amene akufufuza ntchito, omwe saonera mavidiyo n'komwe, amangowerenga nkhani ndi manotsi, komabe bandulo ya mwezi imawathera pakati pa mwezi. Malangizo awa ndalembera anthu otere, ndipo ndikunena za mafoni a Android chifukwa ndi amene ambiri tili nawo m'manja. Mayina a zosankha ndawalemba momwe amaonekera pa sikirini, ngakhale kuti pa mafoni a Tecno, itel ndi Samsung amatha kusiyana pang'ono.

Tsamba la pa intaneti silibwera ngati chinthu chimodzi. Mukalitsegula, bulawuza, pulogalamu yotsegulira masamba monga Chrome, imayamba yatenga mawu ake, kenako imapita kukatenga zithunzi, zilembo zokongoletsa, zotsatsa malonda ndi timapulogalamu timene timayendetsa tsambalo, chilichonse pachokha. Mawu amene mwabwera kudzawerengawo ndi amene amalemera pang'ono kwambiri. Tsamba wamba la masiku ano limalemera pafupifupi 2 MB, pamene mawu a nkhani yaitali ndithu sakwana ngakhale 0.05 MB. Ntchito yonse imene tigwire ndi yokana kulipira katundu amene simunamuitanitse, ndiponso yokana kulipira kawiri katundu amene munalandira kale dzulo.

Yambani mwayeza

Musanasinthe chilichonse, dziwani kaye kuti bulawuza yanu ikudya zochuluka bwanji, chifukwa popanda nambala imeneyi simudzazindikira ngati zimene mwachitazo zathandiza. Tsegulani `Settings`, pitani pa `Apps`, sankhani bulawuza yanu, ndipo mudine pamene palembedwa `Mobile data` kapena `Data usage`. Mupezapo nambala ziwiri. Ya `Foreground` ndi deta imene bulawuza yadya inu mukuigwiritsa ntchito, ndipo ya `Background` ndi imene yadya foni ili m'thumba. Lembani nambala zonse ziwiri papepala pamodzi ndi tsiku, kenako mudzazionenso pakatha masiku atatu mukuwerenga monga mwa nthawi zonse. Kusiyana kwake mukakugawa patatu, mwapeza deta imene mumadya pa tsiku.

Mukapeza kuti bulawuza yadya zochepa poyerekeza ndi mapulogalamu ena, vuto lanu lili kwina ndipo mulilondole kumeneko. Mukapeza kuti ili m'gulu la odya kwambiri, pitirirani nane.

Njira zopulumutsira deta zilipo ziwiri, ndipo zimagwira ntchito zosiyana

Yoyamba ndi ya foni yeniyeniyo. Imatchedwa `Data Saver`, ndipo inayamba kupezeka mu Android 7 m'chaka cha 2016. Pa mafoni ambiri imakhala mu `Settings`, pansi pa `Network & internet`, pamene pa Samsung mumadzera pa `Connections` kenako `Data usage`. Iyatseni, koma mudziwe malire ake. Ntchito yake yaikulu ndi kuletsa mapulogalamu kutenga deta mwakabisira pamene simukuwagwiritsa ntchito, choncho imatsitsa nambala ya `Background` ija, koma siichepetsa kulemera kwa tsamba limene mwatsegula nokha. Mukaona kuti mauthenga a WhatsApp kapena makalata a imelo ayamba kufika mochedwa, lowani pa `Unrestricted data` m'malo omwewo ndi kuloleza pulogalamu imodzi kapena ziwiri zimene simungachite popanda izo.

Yachiwiri ndi ya mu bulawuza, ndipo apa ndi pamene anthu ambiri amasokonezeka. Malangizo akale amene akadali paliponse amati mutsegule Chrome ndi kuyatsa `Data Saver` kapena `Lite mode`. Musataye nthawi kuifunafuna, chifukwa kampani ya Google inaichotsa m'mwezi wa Malichi 2022, pamene inatulutsa Chrome 100. Foni yanu sinawonongeke, chosankhacho kulibenso.

Bulawuza yodziwika imene ikupitirizabe ntchito imeneyi ndi Opera Mini. Mukapempha tsamba, pempho lanu limayamba lafika ku makompyuta a kampani ya Opera, amene amakatenga tsambalo, kulifinya, n'kukutumizirani lopepuka. Dinani chizindikiro cha O m'munsi mwa sikirini, lowani pa `Data savings`, ndipo mupeza `Automatic`, `Extreme`, `High` ndi `Off`. Pa `Extreme`, makompyuta a Opera amamanga okha tsamba lonse, amayendetsa timapulogalamu take kwa kanthawi kochepa, kenako amakutumizirani chithunzithunzi chomaliza cha tsambalo chokhala ndi mawu ndi maulalo. Eni ake amati njira imeneyi imatha kupulumutsa mpaka 90 peresenti, ndipo pa masamba a nkhani kusiyana kwake kumaonekadi. Pa `High`, tsamba limamangidwa m'foni mwanu monga mwa masiku onse, ndiye limagwira ntchito bwino, koma limapulumutsa zochepa, makamaka chifukwa masamba ambiri lero amabwera otsekedwa ndi `https`, loko woteteza zimene zili pa tsamba, ndipo pa `High` makompyuta a Opera sangathe kufinya masamba otere. Ine ndimalangiza kuti musankhe `Extreme` nokha m'malo mosiya pa `Automatic`, kuti muzidziwa nthawi zonse njira imene tsamba lanu ladzera.

Njira ya `Extreme` ili ndi vuto lake limene muyenera kulidziwa musanaigwiritse ntchito. Popeza makompyuta a Opera ndi amene amatsegula tsambalo m'malo mwanu, zonse zimene mukulemba pa tsambalo zimadzera kwa iwo, ngakhale litakhala la `https`. Sindikunena kuti alipo amene akuba, koma mawu achinsinsi a ku banki, nambala ya chiphaso cha unzika kapena fomu yofunsira ntchito siziyenera kudzera kwa mkhalapakati pamene njira yolunjika ilipo. Kuwonjezera apo, masamba ofuna kudinadina amawonongeka. Mudzazindikira vutoli mukaona batani losayankha, fomu imene ikubwerera yopanda kanthu mutaidzaza, mapu osasuntha, kapena tsamba limene likuyambiranso lonse nthawi iliyonse mukadina kanthu kakang'ono. Zikatero musalimbane nalo, chifukwa kudina kulikonse ndi deta inanso. Litsegulireni mu Chrome.

N'chifukwa chake ndimaona kuti ndi bwino kukhala ndi mabulawuza awiri, iliyonse ndi ntchito yake. Opera Mini ikhale yowerengera nkhani, manotsi ndi zofufuza, pamene Chrome kapena Firefox ikhale ya kulikonse kumene mumalowa ndi dzina ndi mawu achinsinsi. Mabulawuza onsewa amaika nkhani ndi zithunzi pa tsamba lawo loyamba, zimene zimadzitsitsa zokha musanalembe n'komwe chimene mukufuna. Mu Opera Mini zimitsani nkhani zimenezi mu `Settings`, ndipo muyatse choletsa zotsatsa malonda chimene chili momwemo. Mu Chrome zimitsani `Discover` pa tsamba loyambalo, kenako lowani mu `Settings`, `Privacy and security`, `Preload pages` ndi kusankha `No preloading`, kuti bulawuza isamatengeretu masamba amene ikungoganiza kuti mwina muwatsegula.

Kuzimitsa zithunzi

Pa masamba ambiri zithunzi ndi zimene zimalemera kuposa china chilichonse, ndipo zambiri mwa izo sizithandiza owerenga. Nkhani ya ndime zisanu imatha kukhala ndi chithunzi chimodzi chogwirizana ndi nkhaniyo, koma m'mbali ndi m'munsi muli tizithunzi makumi awiri ta nkhani zina zimene simunazifunse.

Mu Opera Mini, pa malo a `Data savings` omwe aja, pali chosankha cha `Images`. Mukasankha `Off`, zithunzi sizibwera n'komwe ndipo malo ake amangotsala mabokosi opanda kanthu. Mukasankha `Low`, zimabwera zosaoneka bwino kwenikweni, komabe mumatha kuzindikira nkhope ya munthu kapena maonekedwe a chinthu. Kwa munthu wowerenga nkhani `Off` ndi yokwanira. Kwa wophunzira sayansi kapena unamwino `Low` ndi yabwino kuposa `Off`, chifukwa amafunika kudziwa kuti pamalo pena pali chojambula cha mtima kapena cha impso chimene ayenera kubwerera kudzachiona bwino.

Chrome ya pa foni ilibe chosankha chozimitsira zithunzi mu `Site settings`, ngakhale kuti ya pa laputopu ili nacho. Amene akufuna kuchepetsa zithunzi popanda kudzera kwa mkhalapakati agwiritse ntchito Firefox, imene imalola kuikamo chowonjezera chotchedwa uBlock Origin. Mukachiika, tsegulani zosankha zake ndi kuchonga pa `Block media elements larger than`, pamene pamakhala palembedwa kale 50 KB. Ubwino wa njira imeneyi ndi wakuti tizizindikiro ting'onoting'ono timadutsa, choncho tsamba silisokonekera, koma zithunzi zikuluzikulu zimaimitsidwa ndipo mumadina chimodzi chokha chimene mukuchifuna. Chongani pa `Block remote fonts` kuti zilembo zokongoletsa zisamabwere, ngakhale kuti pa masamba ena zimenezi zimachititsa kuti tizizindikiro ta pa mabatani tisanduke timabokosi. Mu Firefox momwemo, fufuzani `Autoplay` pa zilolezo za masamba ndi kusankha `Block audio and video`, popeza kavidiyo kamodzi kodziyamba kokha kamatha kudya zonse zimene mwapulumutsa tsiku limenelo.

Ngati mumalumikiza laputopu ku foni yanu kudzera pa hotisipoti, lembani adiresi iyi mu Chrome ya pa laputopuyo ndi kusankha kuti masamba asamaonetse zithunzi:

```
chrome://settings/content/images
```

Pomwepo pali malo olembapo masamba ochepa amene mukufuna kuti azionetsabe zithunzi. Musaiwalenso kuuza Windows kuti netiwekiyo ndi yolipira, poyatsa `Metered connection` pa zosankha za Wi-Fi ya foni yanuyo, apo ayi laputopu imaganiza kuti yapeza intaneti yopanda malire n'kuyamba kudzitsitsira zinthu zake.

Pali nthawi zimene zithunzi ziyenera kuyatsidwa. Masamba ena amakufunsani kuti musankhe zithunzi kapena mulembe zilembo zopindika pofuna kutsimikiza kuti ndinu munthu, ndipo popanda zithunzi simungadutse. Vuto lina, limene ndi lofala kwathu kuno, ndi lakuti maofesi ndi masukulu ambiri amajambula chilengezo chosindikizidwa papepala n'kuchiika pa tsamba ngati chithunzi. Mukatsegula tsamba la mwayi wa ntchito kapena la ndandanda ya mayeso n'kupeza mutu wokha wopanda nkhani pansi pake, musaganize kuti palibe chimene alemba. Chilengezocho chili m'chithunzi chimene mwachitsekera kunja.

Zimene munalipira kale zisungeni

Gawo ili ndi limene ndikufuna mulimvetse bwino, chifukwa apa pali chizolowezi chimene chimaoneka ngati chaukhondo koma chimatayitsa ndalama. Bulawuza iliyonse ili ndi nkhokwe yake, imene pa sikirini imalembedwa kuti `cache`. Mukatsegula tsamba koyamba, imasunga m'nkhokwemo chizindikiro cha tsambalo, zilembo zake ndi timapulogalamu take. Mukabweranso mawa, imangotenga zimenezi m'foni momwemo, kapena imafunsa mwachidule ngati zasintha, ndipo yankho likakhala lakuti sizinasinthe, siizitsitsanso. N'chifukwa chake tsamba limene mumapitako tsiku ndi tsiku limatseguka msanga kuposa lachilendo.

Msuweni wanga amene akuphunzira zaunamwino anabwera kwathu tsiku lina akudandaula kuti bandulo siikumukhalitsa. Titakhala pakhonde, anatulutsa foni, ndipo asanatsegule chilichonse chala chake chinapita chokha pa kapulogalamu kokhala ndi chithunzi cha tsache. Anadina, tsachelo linasesa pa sikirini, kenako panatuluka uthenga womuyamikira kuti wachotsa zinyalala. Anandiuza kuti amachita zimenezi m'mawa ndi madzulo kuti foni ipepuke. Titalowa m'kapulogalamuko tinapeza kuti zina mwa zinyalala zimene ankasesazo zinali nkhokwe ya Chrome, kutanthauza kuti tsamba la sukulu yake, limene amalitsegula kangapo pa tsiku, ankaligula lonse mwatsopano kawiri tsiku lililonse.

Choncho, ngati muli ndi kapulogalamu kosesa, kauzeni kuti kasamakhudze bulawuza, kapena mukasiye ndithu. Mukafuna kufufuta mbiri ya masamba amene munapitako, pa `Delete browsing data`, imene m'mafoni akale imalembedwa kuti `Clear browsing data`, chotsani chongi pa `Cached images and files`. Nkhokweyi ifufutidwe pokhapokha tsamba likaoneka losokonekera kapena likakana kuonetsa zatsopano zimene mukudziwa kuti zilipo, kapenanso foni ikadzaza kwenikweni. Dziwaninso kuti `Incognito`, njira yotsegulira masamba mwachinsinsi, imataya zonse zimene inasunga mukangoitseka, ndiye kuigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku kuli ngati kusesa kuja.

Komabe nkhokwe imeneyi siyodalirika pa zinthu zimene mukufuna kuwerenga mobwerezabwereza, chifukwa bulawuza imataya zakale ikafuna malo, ndipo masamba ena amailamula kuti isasunge kanthu. Tsamba limene mudzalifunenso lisungeni nokha. Mu Chrome, litseguleni, tsikani nalo pang'onopang'ono mpaka kumapeto, kenako dinani madontho atatu a pamwamba ndi kusankha kamuvi koloza pansi. Kutsika mpaka kumapetoko n'kofunika chifukwa masamba ambiri amatenga zithunzi pokhapokha mukazifikira, ndipo mukasunga muli pamwamba mudzapeza zojambula za m'munsi palibe. Tsambalo mudzalipeza mu `Downloads`. Mu Opera Mini masamba osungidwa amakhala mu `Offline pages`. Ngati mukufuna kuti tsambalo mudzagawireko mnzanu kudzera pa Bluetooth, popanda aliyense kuwononga deta, lisungeni ngati PDF: mu Chrome dinani `Share`, kenako `Print`, ndi kusankha `Save as PDF`.

Mukatha kusunga, yesani nthawi yomweyo. Yatsani `Airplane mode`, tsegulani tsamba losungidwalo ndi kuliwerenga mpaka pansi. Likatseguka lonse, ndiye kuti lili m'foni mwanu. Ndi bwino kuzindikira kuti lasungika theka mukadali ndi netiweki kusiyana ndi kuzindikira muli m'minibasi pakati pa ulendo. Kumbukiraninso kuti tsamba losungidwa limaima pa tsiku limene munalisunga. Manotsi a phunziro, malamulo a kalembedwe ka fomu kapena njira yophikira sizisintha, koma mitengo, ndandanda ya mayeso ndi tsiku lomaliza kulandira makalata a ntchito zimasintha, ndipo zimenezi muzizitsegula za tsiku lomwelo.

Tiwerengere limodzi

Tiyerekeze wophunzira amene amatsegula masamba 30 pa tsiku, ndipo tsamba lililonse tilipatse 2 MB. Pa tsiku akudya 60 MB, pa masiku 30 akudya 1,800 MB, ndipo bandulo ya 1 GB imamuthera patatha masiku 17. Atayang'ana mu `History`, akupeza kuti masamba 10 mwa 30 amenewa ndi manotsi omwe aja amene amawabwereza tsiku lililonse, masamba 15 ndi nkhani ndi zofufuza zongowerenga, ndipo masamba 5 ndi a pa tsamba la sukulu pamene amalowa ndi mawu achinsinsi.

Masamba 10 a manotsi akuwasunga kamodzi, zithunzi zili zoyatsa kuti zojambula zisasowe, ndipo akulipira 20 MB kamodzi kokha mwezi wonse. Masamba 15 akuwasamutsira ku Opera Mini pa `Extreme`, zithunzi zili pa `Low`. Tiyerekeze kuti lililonse latsika kufika pa 0.3 MB, ndiye onse pamodzi ndi 4.5 MB pa tsiku. Masamba 5 a kusukulu akutsala mu Chrome, ndipo tiwasiye pa 2 MB pomwepo ngakhale kuti nkhokwe ikasiyidwa osasesedwa adzatsika, ndiye ndi 10 MB pa tsiku. Pamodzi akudya 14.5 MB pa tsiku, 435 MB pa mwezi, ndipo tikaphatikiza 20 MB ya manotsi ija akufika pa 455 MB. Bandulo imene inkatha pa tsiku la 17 tsopano ikufika kumapeto a mwezi yoposa theka ikadalipo.

Nambala zimenezi ndi zachitsanzo, ndipo zanu zidzadalira masamba amene mumapitako. Chimene chikuoneka m'masamuwa n'chakuti gawo lalikulu la deta yotsalayo, 10 MB mwa 14.5 MB, likupita ku masamba 5 okha amene sangafinyidwe. Wophunzirayu akafuna kutsikanso, sangapindule kwambiri posintha zithunzi kuchoka pa `Low` kupita pa `Off`. Apindula akachepetsa maulendo opita pa tsamba la sukulu, mwachitsanzo polowa kamodzi m'mawa ndi kutsitsiratu mafayilo onse a tsiku limenelo, makamaka akakhala pamalo pamene pali Wi-Fi.

Pakatha masiku ena atatu, bwererani pa nambala zimene munalemba papepala zija, ndipo ulendo uno muphatikize mabulawuza onse awiri. Muzikhulupirira nambala ya mu `Settings` ya foni kuposa imene Opera Mini imaonetsa kuti mwapulumutsa, chifukwa yachiwiriyo imayerekeza ndi zimene mukanadya, pamene yoyambayo imawerenga zimene mwadyadi. Ngati `Background` ikadali yaikulu, onani ngati bulawuzayo ili pa mndandanda wa `Unrestricted data` ndi kuichotsapo. Ngati `Foreground` sinatsike, tsegulani `History` ndi kufufuza masamba amene ali ndi mavidiyo, komanso muone ngati maulalo amene mumadina mu WhatsApp akutsegukira mu Chrome m'malo mwa Opera Mini. Zikakhala choncho, pitani mu `Settings`, `Apps`, `Default apps`, `Browser app` ndi kusankha Opera Mini, ndipo tsamba la ku banki ndi la kusukulu muzilitsegula nokha mu Chrome.